Lamulo la 80/20: mmene mungadziwire makasitomala amene akukudyetsanidi

Funsani munthu aliyense wa bizinesi yaing'ono kuti kasitomala wake wamkulu ndi ndani, akuyankhani pompo osaganiza nkomwe. Koma mufunseni kuti kasitomala ameneyo amabweretsa gawo lanji la ndalama zonse za pa chaka, komanso kuti mukachotsa zonse zomwe mumawononga pomutumikira pamatsala zingati, apa nde kuyankha kumavuta, amangoti "ndi zambiri ndithu". Lamulo la 80/20 ntchito yake ndi imeneyo, kuchotsa "zambiri ndithu" nkuikapo nambala.

Lamuloli limati nthawi zambiri pafupifupi 80 peresenti ya ndalama zolowa imachokera kwa 20 peresenti ya makasitomala, kapena ku 20 peresenti ya mitundu ya katundu amene mumagulitsa. Dzina lake lina ndi mfundo ya Pareto, potengera Vilfredo Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy yemwe anaphunzitsa ku Lausanne, ndipo cha m'ma 1896 anasonyeza kuti m'maiko omwe anaunika, chuma chambiri chinali m'manja mwa anthu ochepa. Koma amene anaibweretsa mfundoyi m'mafakitale nkuipatsa dzina la Pareto ndi Joseph Juran, katswiri woona za ubwino wa katundu, ataona kuti zolakwika zambiri pa katundu zimachokera ku zifukwa zochepa chabe. Iye poyamba ankanena za "zochepa zofunika" ndi "zambiri zosanunkha kanthu", kenako anadzasintha nkumati zambirizo nzothandizanso. Kusintha kumeneko kusungeni m'mutu, tikumana nako kutsogoloku.

Chinthu chimodzi tisanayambe kuwerenga. Sikuti ndi lamulo ngati la boma kapena la masamu loti lizituluka 80 ndi 20 ndendende ayi. Kwanu mwina zituluka 70 ndi 25, mwina 90 ndi 10. Ndipo manambala awiriwa sakakamizidwa kuti akaphatikizidwa apange 100, poti akuwerenga zinthu zosiyana, ina ikuwerenga ndalama ina ikuwerenga anthu. 90 peresenti ya ndalama itha kuchokera kwa 30 peresenti ya makasitomala, palibe cholakwika. Nde musavutike kukankha manambala anu kuti afanane ndi dzina la lamulo.

Nanga zimatheka bwanji kuti ochepa azibweretsa zambiri

Chifukwa choyamba nchoti makasitomala sasiyana pang'ono ngati mmene anthu amasiyanirana msinkhu. Munthu wamtali kwambiri saposa wamfupi kakhumi, koma kasitomala mmodzi atha kugula kuposa mnzake ka 70. Ndipo kusiyanako kumachulukitsana, wamkulu amagula zambiri pa ulendo umodzi, amabweranso kawirikawiri, komanso amakhala nanu zaka zambiri. Wina akamaoda katatu kuposa mnzake, oda yake iliyonse nkukhala yaikulu kanayi, ndiye kuti wamuposa ka 12, osati ka 7.

Chachiwiri ndi inu nomwe eni bizinesi. Kasitomala wamkulu akaimba foni mumayankha msanga, ntchito yake imadumpha mzere, mumadziwa zomwe amakonda, iye nkumakhutira nkumaonjezera maoda. Katundu naye chimodzimodzi, woyenda malonda mumamuika poonekera ndipo simulola kuti athe m'sitoko, nde amapitirira kuyenda, pamene wina uja ali kuseri akudya fumbi. Chomwe chatsogola chimapatsidwa mpata woti chitsogolebe.

Apa mutha kuonanso komwe lamuloli siligwira bwino. Ngati aliyense amalipira ndalama yofanana pa mwezi, kapena ngati ntchito yanu ili ndi malire achibadwa, monga kumeta tsitsi poti mutu ndi umodzi ndipo tsitsi limakula pa liwiro lake, makasitomala sasiyana kwambiri. Mukawerenga nkupeza kuti 20 peresenti ya pamwamba ikubweretsa 35 peresenti yokha, simunalakwitse, bizinesi yanu ndi yotero basi.

Sitepe yoyamba, sonkhanitsani za miyezi 12

Tengani ma invoisi, mabuku a malisiti, kope lomwe mumalembamo, mauthenga a ndalama zolowa pa foni, sitetimenti ya ku banki, chilichonse chosonyeza kuti ndani anagula chani. Miyezi ikhale 12 yathunthu, chifukwa pafupifupi bizinesi iliyonse ili ndi nyengo yotentha malonda ndi yozizira, ndipo mukatenga miyezi itatu yokha mudzakweza munthu yemwe amangoonekera kamodzi pa chaka. Pa malonda aliwonse lembani zinthu zinayi: dzina la kasitomala, chomwe anagula, ndalama zake, ndi tsiku lomwe analipiradi. Tsiku lolipirali anthu ambiri amalisiya koma lidzatithandiza kwambiri.

Kuti tizionera limodzi, tiyerekeze kampani yaing'ono yosindikiza mabuku a malisiti, zikwangwani, makadi ndi zina zotero. Ili ndi makasitomala 40 ndipo pa chaka yagulitsa zokwana 1,000. Kaya muziti ndi masauzande kaya mamiliyoni, kaya ndalama za dziko liti, zilibe kanthu, ndasankha 1,000 kuti maperesenti azioneka okha.

Musanaphatikize chilichonse, konzani maina. Ntchito yotopetsa koma mukaidumpha zonse zotsatira zikhala zabodza. Kasitomala mmodzi amapezeka m'mabuku katatu, pena dzina la kampani yake, pena dzina la munthu amene amatumidwa kudzatenga katundu, pena chidule chomwe analemba wantchito wanu tsiku lomwe anali pa changu. Zikatero kasitomala wa 150 amasanduka anthu atatu a 50 ndipo simumuona kuti ndi wamkulu. Vuto lina ndi lotembenuza, anthu onse ogula pa kashi osasiya dzina aja mwawalemba mzere umodzi kuti "ena", mzerewo nkukwera kukhala nambala wani. Ameneyo si kasitomala, ndi khamu. Aikeni pambali ngati gulu, muwawerenge paokha. Chotsaninso msonkho womwe mumatolera m'malo mwa boma poti si wanu, chotsani katundu yemwe anabwezedwa, ndipo ma invoisi omwe sanalipiridwe mpaka pano muwaike chizindikiro.

Sitepe yachiwiri, phatikizani nkusanja

Tsopano kasitomala aliyense akhale ndi nambala imodzi, zonse zomwe wagula pa chaka. Ngati makasitomala ndi osapitirira 50, pepala ndi kakyuleta ya pa foni zikwana. Ngati muli ndi Excel kapena Google Sheets, tinene kuti maina a pa malonda aliwonse ali mu kolamu A, chomwe anagula mu B, ndalama mu C, ndipo mwalemba dzina lililonse kamodzi kokha mu E kuyambira mzere 2. Mu F2 lembani ichi nkukokera pansi:

```
=SUMIF(A:A,E2,C:C)
```

Yang'anani kaye ngati zonse za mu F zikaphatikizidwa zikufanana ndi zonse za mu C. Zikasiyana ndiye kuti pali dzina lomwe mwaliphonya kapena lalembedwa mosiyana, mwina kampata kosaoneka kumapeto kwa dzina. Zikafanana, koperani kolamu F nkuimata pomwepo ngati manambala okha, mu Excel ndi Paste Special kenako Values, nde musanje E ndi F limodzi kuyambira wamkulu kutsika.

Kenako mu G2 ikani ichi, chimene chiziphatikiza kuchokera pamwamba mpaka mzere womwe muli nkugawa ndi ndalama zonse:

```
=SUM($F$2:F2)/SUM($F$2:$F$41)
```

41 ameneyo ndi chifukwa makasitomala athu ndi 40 ndipo tayambira mzere 2, inu muike wanu. Pa pepala ndi chimodzimodzi, mumangoonjezera nambala iliyonse pa zomwe zili kale pamwamba pake.

Pa kampani yathu ija, 20 peresenti ya 40 ndi makasitomala 8. Tiwatchule ndi zilembo. A wagula 260, B 150, C 110, D 80, kenako 60, 45, 35 ndi 30. Mukamaphatikiza motsika mupeza 260, 410, 520, 600, 660, 705, 740, 770. Ndiye anthu 8 abweretsa 77 peresenti, ndipo atatu okha oyambawo adutsa kale theka. Otsatira 12 onse pamodzi abweretsa 160. Omaliza 20, theka la makasitomala onse, abweretsa 70 basi, ndiye kuti aliyense pafupifupi 3 ndi theka pa chaka chathunthu.

Dulani mizere iwiri pamenepo, mukhale ndi magulu atatu, apamwamba, apakati ndi apansi. Anthu oyang'anira katundu m'masitoko amachita zomwezi, amati magulu a ABC. Pomwe mungadule musavutike napo, dulani pomwe manambala agwa mooneka.

Anthu ambiri amathera apa. Amaona kasitomala A ali pamwamba, amati ameneyu nde bwana, timusamale, timuonjezere disikaunti, ang'onoang'onowa tiwasiye. Ine ndimati apa mwangofika theka la ulendo, ndipo theka loopsa, chifukwa mndandanda umenewu ukukuuzani amene amadutsitsa ndalama zambiri m'manja mwanu, osati amene amakusiyirani zambiri.

Sitepe yachitatu, bwerezani koma pa phindu

Simukuyenera kuchita izi kwa onse 40. Tengani apamwamba 8 aja mmodzimmodzi, enawo muwawerenge ngati magulu. Pa aliyense chotsani zinthu zitatu: zomwe munagulira katundu kapena zipangizo za ntchito yake, zomwe munawononga pomutumikira iyeyo payekha, ndi zomwe kuchedwa kwake kulipira kwakudyerani. Lendi, malipiro a antchito a pa mwezi, magetsi, izi musazigawe kwa makasitomala, zisiyeni kaye, poti kaya A alipo kaya wachoka lendi mulipirabe yomweyo.

Tiyambe ndi A. Poti amagula zambiri ananenerera mtengo mpaka mwini kampani anagonja, nde pa 260 paja mapepala, inki ndi zina zinadya 221, kutsala 39, yomwe ndi 15 peresenti yokha. Amafunanso kuti katundu azimuperekera kwaulere, maoda ake amabwera madzulo nkumati mawa mmawa akhale atatha ndiye antchito amagwira ovataimu, ndipo kawiri konse anasintha mawu ntchito itasindikizidwa kale, kampani nkubwereza osamulipiritsa poopa kumukhumudwitsa. Zonsezi tinene zakwana 14. Tatsala ndi 25.

Nde pali nkhani ya kulipira. A amalipira pakatha masiku 90. Miyezi itatu yonseyo ndalama zomwe munagulira zipangizo zake zili kwa iye, inu mpamba wachepa, mukukongola kuti mugulire ntchito za ena. Tiyerekeze kuti ngongoleyo imakudyerani 2 peresenti pa mwezi, inu muike chiwongola dzanja chomwe mumalipiradi. Miyezi itatu ndi 6 peresenti, ndipo 6 peresenti ya 221 ndi pafupifupi 13. Ngakhale musakongole, ndalama imeneyo ikanazungulira kangapo ikanakhala m'manja mwanu, nde musaitenge ngati yaulere. 25 kuchotsa 13, kwatsala 12. Kasitomala wa 260, amene foni yake ikalira aliyense amaimirira, wasiya 12 pa chaka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

B wagula 150, atachotsa zipangizo kwatsala 45, zomutumikira ndi kuchedwa pang'ono zadya 10, wasiya 35.

C wagula 110 pa mtengo wa aliyense, sananenerere, kwatsala 44. Amaoda zinthu zomwezomwezo mwezi ndi mwezi ndiye makina sachita kusinthidwasinthidwa, amadzatenga yekha, amalipira sabata isanathe. Zina ndi zina zadya 2, wasiya 42. Munthu ameneyu mwina mwini kampani sanamuimbirepo foni chaka chonse, poti sadandaula, ndipo kasitomala wosadandaula ndi amene amaiwalika.

Mndandanda watembenuka. C ali pamwamba, B wachiwiri, A watsikira kumunsi kwa apamwamba aja, mwinanso kupitiriridwa ndi uja wa 45 ngati iye amalipira mtengo wonse. Musatenge ngati ndikuti kasitomala wamkulu nthawi zonse ndi woluzitsa ayi, nthawi zambiri wamkulu pa malonda amakhalanso wamkulu pa phindu. Kungoti simungadziwe musanawerenge, ndipo wamkulu ndi amene ali ndi mphamvu yokupanikizani pa mtengo.

Chinthu chovuta kuchiika nambala ndi nthawi yanu. Njira yosavuta, kwa masabata awiri ikani kapepala pafupi, nthawi iliyonse mwathera mphindi 15 pa kasitomala wina, kaya pa foni, kaya kukonza cholakwika, kaya kulondola ndalama, ikani kamzere pa dzina lake. Masabata awiri akatha werengani timizereto. Kawirikawiri naponso pamatuluka 80/20 yake, madandaulo ambiri amachokera kwa anthu ochepa, nde muone ngati ali omwewo amene akusiya phindu.

Sitepe yachinayi, funsani kuti uyu atachoka mawa zingatani

Apa ndi pomwe lendi ndi malipiro zija zikubwera. Tinene kuti makasitomala onse 40 pamodzi asiya 280, ndipo zolipira zosasintha za kampani ndi 200 pa chaka. Phindu lenileni ndi 80.

A atachoka, malonda agwa ndi 26 peresenti, zoopsa kuzimva, koma phindu lichoka pa 80 kufika 68, ndipo makina ndi antchito apeza mpata waukulu wogwira ntchito zina. C atachoka, malonda agwa ndi 11 peresenti yokha koma phindu lichoka pa 80 kufika 38, kupitirira theka lapita. B ndi C atachokera limodzi, kwatsala 3. Mwaona mmene zilili eti? Zolipira zosasintha zimapangitsa kuti kutaya pang'ono pamwamba kukhale kugwa kwakukulu pansi.

Palinso chiopsezo china pa A chomwe si cha kuchoka. Poti amalipira pakatha miyezi itatu, nthawi iliyonse amakhala ali ndi ngongole yanu ya pafupifupi kota ya 260, yomwe ndi 65. Bizinesi yake itagwa lero, 65 imeneyo yapita, pafupifupi phindu lonse la chaka. Ndiye pa kasitomala wamkulu aliyense muzidziwa nambala imeneyi, ndalama zanu zomwe zili kwa iye pakali pano, ndipo muike malire oti zikafika apa oda yatsopano siyamba asanalipireko. Zizindikiro zoti zinthu zayamba kuvuta kwa iye zimaoneka msanga mukamayang'ana: masiku olipira akutalika pang'onopang'ono, wayamba kulipira mwa zidutswa, munthu yemwe munkachita naye zinthu wasiya ntchito, kapena mwadzidzidzi akufunsa mitengo ya zinthu zomwe wakhala akugula zaka zonsezi, kusonyeza kuti akufananitsa ndi ya ena.

Sitepe yachisanu, chochita ndi gulu lililonse

Kwa ofanana ndi C, musathamangire disikaunti, sanakupempheni, ndipo mukatero mukudula nthambi yomwe mwakhalira. Chomwe amafuna ndi choti zinthu zizikhala mmene zakhala zikukhalira. Zipangizo za ntchito yake zisamathe m'sitoko, oda yake isamakankhidwe kumbuyo chifukwa choti A wakuwa, ndipo anthu awiri pa kampani yanu azimudziwa, osati mmodzi yekha amene tsiku lina adzachoka naye. Muimbireni nthawi zina mumufunse chomwe amagula kwina chomwe inu mungamupangire. Kenako muoneni bwinobwino kuti ndi wa mtundu wanji, amagwira ntchito yanji, anakudziwani bwanji, chifukwa makasitomala atsopano oyenera kuwasaka ndi ofanana naye.

Kwa A, kukambirana. Ambiri amaopa, koma mbewa ya manyazi inafera kudzenje, ndipo tsopano mukudziwa kuti chomwe mungataye ndi 12 osati 260. Musayambe ndi kukweza mtengo, yambani ndi zinthu zomwe sizimupweteka kwambiri. Masiku olipira atsike kuchoka pa 90 kufika 30, pamenepo pokha 13 ija yatsika kufika 4 ndi kanthu, mwapulumutsa pafupifupi 9. Asaine pa chitsanzo ntchito isanasindikizidwe, zosintha pambuyo pake alipire. Ntchito ya changu ikhale ndi mtengo wake. Zikatheka zimenezi A atha kuchoka pa 12 kufika cha m'ma 30 mtengo osaukhudza. Sinthani chimodzi kapena ziwiri pa nthawi, mumudziwitse pasadakhale, ndipo musanapite kukakambirana onetsetsani kuti ngongole yake yatsika, poti munthu amene akusunga 65 yanu ndi amene ali ndi mphamvu pa tebulo.

Apakati 12 aja ndi amene ine ndimawaona ngati osangalatsa, koma palibe zambiri zonena: fananitsani ndi chaka chatha, amene akukwera ndi amene adzalowe m'malo mwa apamwamba akadzachoka.

Nde apansi 20. Apa ndi pomwe lamulo la 80/20 limapweteketsa anthu, poti ukaona kuti theka la makasitomala likubweretsa 7 peresenti, mtima umati achoke onse. Dikirani. Anthu amenewa amalipira mtengo wonse, ambiri pa kashi, nde pa 70 paja mwina akusiya 30. Mukawathamangitsa lendi siitsika, phindu lichoka pa 80 kufika 50. Kuwasiya kumapindula pokhapokha ngati nthawi yomwe amadya muli nayo kale ntchito ina yolipira bwino yoti ilowe m'malo, osati yongoyembekezera. Komanso mukadula apansi, otsalawo mukawasanja mupezanso kuti ali ndi apansi awo, mudulanso, mapeto ake mutsala ndi makasitomala atatu amene akudziwa kuti simungapume popanda iwo. Nchifukwa chake Juran anasiya kuwatcha osanunkha kanthu. C nayenso tsiku loyamba anabwera ndi ka oda kakang'ono.

Chofunika nkuchepetsa mtengo wowatumikira. Ikani oda yochepetsetsa yomwe mungalandire, kapena kandalama koonjezera pa oda yosafika pamenepo. Mitengo ikhale yolembedwa, yosanenerera, kuti musamathe theka la ola mukupanga koteshoni ya ntchito ya 2. Alipiriretu, ngongole ayi, poti kulondola kangongole kakang'ono kumadya nthawi yofanana ndi kulondola yaikulu. Ntchito zazing'ono zofanana muzisonkhanitse muzigwire tsiku limodzi pa sabata. Ena adzachoka okha chifukwa cha malamulowa, amenewo asiyeni apite. Oyenera kuwakana poyera ndi ochepa, aja ogula pang'ono, odandaula kwambiri, olipira mochedwa, zonse zitatu pa munthu mmodzi.

Kuchita zomwezi pa katundu

Masitepe ndi omwewo, m'malo mwa dzina la kasitomala muike mtundu wa katundu, ndipo fomula ija iziyang'ana kolamu B. Kusiyana kwake nkwakuti katundu wapansi amamanga mpamba. Pa mtundu uliwonse onani phindu lomwe wabweretsa pa chaka, mufananitse ndi ndalama zomwe zimakhala zitagona mwa iye pa shelefu. Katundu wosiya 5 pa chaka koma nthawi zonse mwagonekamo 40, ndi wosiyana kutali ndi wosiya 5 yemweyo mutagonekamo 4.

Koma musanachotse katundu aliyense, tsegulani ma invoisi omwe iye akupezekamo muone kuti amagulidwa ndi ndani, limodzi ndi chani. Pa kampani yathu ija, tinene masitampa a labala ali kumunsi kwenikweni, abweretsa 6 chaka chonse. Mukayang'ana mupeza kuti theka la masitampawo anagula ndi C, amene amakonda kupeza zonse malo amodzi. Mukasiya kupanga masitampa mwamutumiza nokha kwa opikisana nanu, ndipo kumeneko akamufunsa kuti nanga mabuku a malisiti amakusindikizirani ndani. Zikatero bola kumakapangitsa masitampawo kwa ena inu nkumangomupatsira, ngakhale osapindulapo.

Misampha ina iwiri. Katundu amene anatha m'sitoko miyezi inayi adzaoneka ngati sayenda, chonsecho sanagulidwe chifukwa kunalibe, nde gawani malonda ake ndi miyezi yomwe analipodi. Katundu watsopano amene mwayamba miyezi iwiri yapitayo naye musamuweruze pa mndandanda wa chaka chonse. Izi zimachitikanso kwa makasitomala mbali inayo, munthu amene anapanga oda imodzi yaikulu ya mwambo wina wosabwerezedwa adzakhala pamwamba chaka chino, chaka chamawa ziro. Werengani kuti aliyense wa apamwamba anaoda kangati, amene anaoda kamodzi kokha muike nyenyezi pa dzina lake ndipo musamuwerengere popanga mapulani.

Kawerengedwe konseka koyamba kamatenga tsiku limodzi kapena awiri, makamaka chifukwa cha maina aja. Mukakonza kalembedwe koti kasitomala aliyense akhale ndi dzina limodzi kapena nambala yake pa invoisi iliyonse, ulendo wotsatira ndi ola limodzi. Bwerezani miyezi itatu iliyonse, nthawi zonse kutenga miyezi 12 yomaliza, ndipo musafufute mndandanda wakale, muziika watsopano pambali pake. Zoyang'ana ndi ziwiri, amene wasuntha malo atatu kapena kuposa kukwera kaya kutsika, ndi gawo lomwe awiri kapena atatu apamwamba akubweretsa pa zomwe makasitomala onse akusiya. Pa kampani yathu B ndi C okha akusiya 77 pa 280, ngati ulendo wotsatira apezeka akusiya 100 pa 280 yomweyo ndiye kuti ena onse akufota, ndipo ntchito ya miyezi itatu ikubwerayo ndi kuimbira apakati 12 aja mmodzimmodzi.